Moto Wam'mwamba: Masikono a M'sefuliya ku Etatara

Pakhomo pa azakhali anga ku Etatara palibe uvuni. Ngakhale wanjerwa, wonga omwe ndinawaona kuseri kwa nyumba zina ku Cuamba, palibe. Chomwe chilipo ndi sefuliya yaikulu yakuda bii, chitsulo chafulati chovindikirira, mchenga wa kumtsinje ndi makala. Komabe m'mawa uliwonse kupatula Lamulungu pamachoka beseni la masikono kupita kumsewu, ndipo likamabwerera limakhala lopanda kanthu.

Ndinapitako mwezi wa Julaye, nthawi yozizira, thonje akugulitsa. Ndinalowera pa Chiponde, kudinditsa pa Mandimba, n'kukwera galimoto yodutsa msewu wa N13 mpaka ku Cuamba, tauni ya njanji ija imene Apwitikizi ankaitcha Nova Freixo. Kuchokera apo munthu amalowera kummwera, msewu wopita ku Magige ndi ku Gurúè, ndipo Etatara ili panjirapo. Anthu ambiri kumeneko amayankhula Chimakhuwa ndi Chilomwe, pamsika n'kumasakaniza ndi Chipwitikizi. Azakhali ndi Amalawi. Amuna awo anathawira kwathu nthawi ya nkhondo, anakwatirana konko, ndipo mtendere utabwera mu 1992 anatengana kubwerera kwawo kwa mwamunayo. Masikono anapita nawo m'manja. Ku Etatara anthu anazolowera pau, buledi wa Chipwitikizi wa khungu lolimba wopanda shuga, ndiye sikono yofewa, yotsekemera pang'ono, yomwera tiyi, ili ndi malo akeake.

Tsiku lachiwiri anandituma kumsika. Anati ndigule kilo imodzi ya ufa wa tirigu ndi ferimento. Ufa sunandivute, pakuti liwu loti tirigu tinabwereka kwa Apwitikizi omwewo, ndipo mnyamata wa m'kagolosale anandimva msanga. Koma pa ferimento anandipatsa kachitini ka ufa woyera, ine n'kulandira. Nditafika, azakhali anakatembenuza m'manja n'kupukusa mutu.

"Iwe mwana wa achimwene, uyu ndi ferimento wa keke. Ine ndimafuna wa pau, wa timibulu uja."

Pa Chipwitikizi, yisiti ndi bekini paudala zonse amazitcha ferimento, ndipo munthu amayenera kunena kuti akufuna wa ntchito yanji. Kusiyana kwake n'kwakukulu. Bekini paudala ndi mankhwala: akangonyowa n'kumva moto amatulutsa mpweya nthawi yomweyo, choncho mtanda wake sukandidwa kwambiri ndipo sudikira. Yisiti ndi chamoyo. Amadya shuga pang'onopang'ono, n'kumapuma mpweya umene umakodwa mumtanda, ndipo amafuna nthawi, kufunda ndi kukanda. Masikono amene timagula m'misewu ya kwathu, ogundana m'mbali ngati ana ogona pamphasa imodzi, ndi a yisiti. Ndinabwerera kukasintha.

Kuchokera kumsewu, kanjira kakwawo kamadutsa m'minda ya nandolo amene anali atayamba maluwa, n'kukafika pabwalo losesedwa bwino. Kumanja kuli nkhokwe, kumanzere mtengo wa mango, ndipo kuseri kwa nyumba kuli chisakasa chofolera udzu, chotseguka mbali ziwiri. M'menemo ndi mophikira. Mafuwa a nsima ali pakati, koma malo a masikono ali padera pakona: kadzenje kosaya, kotalika ngati chikhatho, kozunguliridwa ndi njerwa zitatu. Ndinafunsa chifukwa chake saphikira m'nyumba m'mene mulibe mphepo. Anandiyang'ana mwamphamvu. Anati makala m'nyumba yotseka amapha mwakachetechete, munthu amangomva mutu ndi tulo, osadzukanso. Zimenezi n'zoona ndithu, mpweya wa makala ulibe fungo, ndipo ntchito iyi imafuna makala ambiri kuposa ophikira ndiwo.

Tinayamba kukanda dzuwa litapendeka. Muyeso wawo ndi kapu ya pulasitiki ya tiyi ndi supuni, koma ndinaulemba. Pa kilo imodzi ya ufa amathira yisiti supuni yaikulu imodzi, amene ndi magalamu 10 kapena kuposera pang'ono, shuga theka la kapu, mchere masupuni aang'ono awiri, mafuta ophikira masupuni aakulu asanu, ndi madzi ofunda makapu awiri ndi theka, ngati mamililita 600. Madziwo anandiuza ndiviikemo chala. Akhale ofunda ngati osambitsa khanda. Akakhala oti chala sichingapirire, yisiti amafa, ndipo ungadikire mpaka mawa mtanda osasuntha. Popeza timapaketi ta yisiti timakhalitsa padzuwa m'magolosale, iwo sakhulupirira paketi. Amayamba asungunula yisiti m'theka la kapu ya madzi omwewo ndi kashuga, n'kuika pambali. Pakatha mphindi khumi pamayenera kubwera thovu ndi kafungo konga ka thobwa wogona. Thovu likapanda kubwera, ufa sautaya pachabe, amakagula yisiti wina.

Thovu linabwera. Anasakaniza mchere ndi ufa poyamba kuti usakumane ndi yisiti pamalo amodzi, anakumba kadzenje pakati, n'kuthira zonse. Kukanda anandisiyira ine. Poyamba mtanda umamata zala, ndipo mtima umafuna kuwonjezera ufa. Azakhali anandigwira dzanja. "Usathire. Paka mafuta m'manja, upitirize." Ufa wowonjezera ndi umene umalimbitsa sikono mpaka kukhala ngati mwala. Ndinakankha ndi chikhatho, kupinda, kutembenuza, kukankhanso, kwa mphindi ngati khumi ndi zisanu. Pang'ono ndi pang'ono mtanda unaleka kumata, unasalala, ndipo ukaudina ndi chala umabwerera. Iwo anadula kachidutswa, n'kukatambasula ndi zala moyang'anitsa kudzuwa mpaka kuwala kunayamba kuonekera koma kosang'ambika. Ulimbo umenewo uli mu tirigu. Ufa wa chimanga ulibe, n'chifukwa chake chigumu sichifufuma ngati buledi. Tirigu akakwera mtengo ena amasakaniza ndi ufa woyera kapena wa chinangwa, koma azakhali anati ukapitirira kapu imodzi pa makapu asanu, sikono imayamba kunyenyeka ndipo ogula amazindikira.

Beseni analivundikira ndi nsalu yonyowa n'kuliika pafupi ndi mafuwa, osati pamoto, koma pamene pamafika kutentha pang'ono. M'mwezi wa Okutobala, anatero, mtanda umakwera kawiri ola lisanathe, ndipo vuto limakhala kuuletsa. M'Julaye umachita ulesi. Wathu unatenga pafupifupi maola awiri.

Nthawi yodikirayo ndi imene ndinaona uvuni wawo ukumangidwa. Sefuliya ndi ya aluminiyamu, ya zija zophikira pamaliro, yoti mkono umalowa mpaka m'chigongono. Pansi pake anathiramo mchenga wouma wa kumtsinje, wokhuthala zala ziwiri. Mchengawo anausefa kale ndipo amaugwiritsa ntchito mobwereza. Wonyowa safuna, chifukwa umatulutsa nthunzi yambiri, ndipo wa m'munda uli ndi zinyalala zimene zimanunkha zikapsa. Pamwamba pa mchenga anaika timiyala titatu tofanana, ndipo pa timiyalapo m'pamene pamakhala mbale yachitsulo ya masikono. Choncho pakati pa moto wapansi ndi sikono pali sefuliya, mchenga, kenaka mpata wa mpweya. Mchenga umamwa ukali wa moto n'kuugawa mofanana, umasunga kutentha chivindikiro chikatsegulidwa, komanso umateteza sefuliya, pakuti aluminiyamu wopanda kanthu pamoto waukali amapindika, mwinanso kubooka.

Chivindikiro si cha sefuliyayo ayi. Ndi chitsulo chodulidwa kumgolo, chochita kuwotchedwa kale mpaka utoto wonse unatha, chotambalala kuposa kukamwa kwa sefuliya ndi zala zinayi mbali zonse. Kutambalalako n'kofunika kuti phulusa likamagwa ligwere kunja. Lata latsopano lonyezimira sagwiritsa ntchito, ngakhalenso chitini chimene munali penti kapena mankhwala a thonje, chifukwa zimene zapakidwapo zimafuka zikatentha ndipo utsi wake umalowa m'chakudya. M'dera lolima thonje ngati lino zigubu ndi zitini za mankhwala zili mbwee, ndipo mfundo imeneyi anaibwereza kawiri.

Makala anayatsa pambaula, padera. Sanawaike pasefuliya akadali akuda kapena akufuka. Anadikira mpaka atayera phulusa pamwamba, mkati muli psuu. Ndiyeno anawagawa, ndipo apa m'pamene pagona luso lonse. Ndinkayembekeza kuti ambiri apita pansi, monga timachitira pophika china chilichonse. Iwo anatenga gawo limodzi mwa magawo atatu n'kuliyala m'kadzenje kaja, osati mulu pakati, koma mozungulira ngati mkombero. Magawo awiri otsalawo anawaika pachivindikiro, ambiri cha m'mphepete, pakati pochepa.

"Pansi moto umakwera wokha," anatero. "Pamwamba umathawa, umapita kumwamba. Ndiye wam'mwamba uyenera kuchuluka kuti wina utsike."

Ndaganizira mawu amenewa kambirimbiri, ndipo sindikuona chowonjezera. Kutentha kwa makala apansi kumagunda sefuliya mwachindunji. Kwa makala apamwamba kochuluka kumapita m'mlengalenga, ndipo kamene kamatsikira pa sikono ndi kamene chitsulo chatenthedwa nako. Munthu akagawa makala mofanana, pansi pamapserera pamwamba pakadali poyera. Anthu ambiri amene amati anayesa kuphika buledi m'poto n'kulephera, cholakwika chinali chimenechi.

Sefuliya inatenthedwa yopanda kanthu kwa mphindi makumi awiri. Nthawi imeneyo mtanda unali utakwera, ndipo anaufinya kuti mpweya utuluke, n'kuudula zidutswa makumi awiri ndi zinayi, chilichonse chocheperako pang'ono pa chibakera cha mwana wa sukulu. Ankachikulunga pachikhatho, kukokera khungu pansi kuti pamwamba pakhale posalala ndi pokungika. Mbale yawo imalowa zisanu ndi zitatu, choncho kilo imodzi imaphikidwa maulendo atatu. Ali ndi mbale ziwiri zopaka mafuta. Zidutswa za ulendo woyamba anaziika pafupi ndi moto kuti zifufumenso kwa theka la ola, za ulendo wachiwiri patali pang'ono, ndipo zotsalazo anazipititsa m'nyumba pansi pozizira. Ndinafunsa chifukwa. Anati zikafufumira pamodzi, zomalizazo zimadikira ola lathunthu, zimakwera mopitirira, zimayamba kununkha mowa, ndipo zikalowa m'moto zimaphwa n'kukhala zafulati ndi zowawasa. Poyesa amadina ndi chala: dzenje likabwerera msanga, sikono sinakonzeke, likabwerera pang'onopang'ono n'kutsala kachizindikiro, yakonzeka, likangokhala osabwerera, nthawi yapitirira.

Kutentha kwa mkati amayesa ndi ufa. Anatsegula pang'ono, n'kuwaza kaufa pang'ono pa kachitsulo kamene kanali pa timiyala tija, n'kutseka. Titatsegulanso patatha ngati mphindi ziwiri, ufa unali wofiirira ngati mtedza wokazinga. Ukada bii msanga ndiye kuti moto wachuluka, chotsako makala. Ukakhala woyerabe, dikira kapena wonjezera. Mu uvuni wamagetsi masikono otere amafuna madigiri 190 mpaka 200, ndipo ufa wofiirirawo umanena zomwezo m'chinenero china.

Mbale yoyamba inalowa dzuwa likulowa. Apa ndiyenera kunena zimene zinalakwika, chifukwa ndi zimene zinandiphunzitsa kwambiri. Mlendo anafika pabwalo, azakhali anapita kukamulonjera, n'kundisiyira moto. Anandiuza kuti pakatha mphindi zisanu zilizonse ndizipotoza chivindikiro pang'ono mbali imodzi, sefuliya mbali inayo, ndipo ndisatsegule mpaka fungo litamveka. Kupotoza ndinachita kamodzi kokha. Kamphepo ka mwera kanayamba kulowa chakummwera kwa chisakasa, ndipo makala a mbali imeneyo anayaka kwambiri, ofiira ngati akupemereredwa, pamene a mbali ina anagona m'phulusa. Ine maso anali pachivindikiro, ndipo mtima unandikanika: ndinatsegula pa mphindi zisanu ndi ziwiri kuti ndione, n'kutsegulanso pa mphindi khumi ndi ziwiri.

Atabwerera sanafunse kanthu. Ananunkhiza, n'kutenga nsalu, n'kukweza chivindikiro mosapendeketsa, n'kuchiika panjerwa. Masikono atatu a mbali ya mphepo anali akuda m'mbali. Awiri a mbali ina anali otuwa, ndipo pamwamba pawo panali potsika ngati pakhala munthu. Anatenga imodzi yakudayo n'kuinyema. Kunja kunali kolimba, koma pakati panali ponyowa, pomata zala.

"Waona? Moto waukali umatseka khomo. Kunja kwapsa, mkati simunalowe kanthu. Awa otsikawa ndi iwe, unatsegula asanalimbe."

Anandifotokozera modekha. Mphindi khumi zoyambirira sikono imakhala ikukwera komaliza, ndipo khungu lake likadali lanthete. Nthunzi imene imatuluka mumtanda imakodwa m'sefuliya n'kuthandiza khungulo kutambasuka. Ukatsegula, nthunzi ndi kutentha zimathawa limodzi, mphepo yozizira imalowa, ndipo chimene chinali kukwera chimagwa. M'uvuni wanjerwa makoma amabwezera kutentha msanga, koma sefuliya ndi yopyapyala, imadalira mchenga wokha.

Ulendo wachiwiri anauyendetsa okha, ine ndikuyang'ana. Anayamba aimika chidutswa cha lata chakale kumbali ya mphepo. Anagwedeza makala apamwamba ndi kamtengo kuti phulusa ligwe, popeza phulusa likakuta khala limakhala ngati bulangete, kutentha sikutuluka. Anawonjezera makala ochepa oyaka kale kuchokera pambaula, imene inali ikuyakabe pambali pa ntchito yomweyi. Apansi sanawonjezere n'komwe, anati mchenga wakhuta kale moto, ndipo ulendo wachiwiri ndi wachitatu ndi umene umapsereza pansi munthu akapanda kusamala. Asanatseke anapukuta kunsi kwa chivindikiro, chifukwa nthunzi imasanduka madontho amene amagwera pa sikono n'kusiya mabala otuwa. Kenaka anakhala pampando wawo, n'kumapotoza chivindikiro ndi sefuliya nthawi ndi nthawi, akucheza nane za kumudzi, za achimwene awo, za amene anamwalira ndi amene anakwatiwa. Nthawi zina ankatambasula dzanja pamwamba pa makala osaleka kuyankhula.

Patatha mphindi ngati khumi ndi zisanu fungo linasintha. Poyamba limakhala la yisiti, lonyowa. Kenaka limabwera lina, lotsekemera, la khungu limene layamba kufiira, ndipo ana a pakhomo loyandikana anayamba kuonekera kumpanda. Apo m'pamene anatsegula koyamba. Pamwamba panali pofiirira pang'ono. Anakweza sikono imodzi ndi mpeni kuti aone pansi, napeza kuti pansi patsogola. Anakoka makala onse apansi ndi khasu, n'kusiya apamwamba okha kuti amalize. Mphindi zina zisanu ndi ziwiri zinakwana. Anabaya yapakati ndi kaudzu kouma, kanatuluka koyera. Anaitembenuza n'kuigogoda ndi chala, inalira ngati kang'oma. Yosapsa imalira mogonthera, ndipo imalemera m'dzanja.

Atangowatulutsa anawapaka majarini pamwamba ndi kansalu kuti khungu lifewe ndi kunyezimira, n'kuwayala palichero, osati m'beseni. Sikono yotentha ikaikidwa pa pulasitiki kapena m'jumbo imachita thukuta, pansi pamanyowa, ndipo pofika mawa lake madzulo imayamba nkhungu. Anawafunditsa nsalu youma yopyapyala.

Njira imeneyi ili ndi malire ake, ndipo azakhali sabisa. Buledi wamkulu wa m'chitini amavuta m'sefuliya, chifukwa amafuna mphindi makumi anayi kapena kuposa, ndipo makala amafooka pakati panjira. Akafuna buledi amaumba mikate iwiri yaing'ono yobulungira, n'kuchepetsa moto wam'mwamba khungu likangofiira kuti mkati mupse bwino. Pau weniweni wa khungu lokhuthala amafuna uvuni wanjerwa wotentha kwambiri, ndipo iwo sapikisana nawo. Makala nawonso ndi ndalama, ndiponso ndi mitengo. Kilo imodzi ya ufa imadya makala okwana kuphikira banja tsiku lonse, choncho nthawi yokolola amagwiritsa ntchito zitsononkho za chimanga pamwamba, ngakhale zimatha msanga ndipo zimafuna kuwonjezera pafupipafupi. Moto ukatsala pambuyo pa ulendo wachitatu sautaya. Usiku umenewo anakwirira mbatata mumchenga wotenthawo, ndipo pa makala otsala anatereka madzi osamba.

Masikono anga opserera sanapite kumsewu. Azakhali anapala makala ake ndi mpeni, aja osapsa mkati anawadula pakati n'kuwabwezera m'sefuliya kwa kanthawi, ndipo tinamwera tiyi usiku womwewo ndi amuna awo, amene anadya awiri akusimba za ulendo wawo wapansi wopita ku Chiponde nthawi ya nkhondo.

M'mawa kusanache bwino ndinanyamula beseni la masikono khumi ndi asanu ndi limodzi kuwaperekeza kumsewu. Kunali chisanu, utsi uli m'munsi m'midzi, ndipo njinga zonyamula matumba a thonje zinali zitayamba kale kudutsa. Tinakhala pafupi ndi mayi wina wogulitsa tiyi. Woyamba kugula anali bambo wa njinga, amene anatenga imodzi, n'kuitembenuza kuyang'ana pansi pake asanapereke ndalama. Azakhali anandigunda ndi chigongono kuti ndione. Bamboyo anaifinya pang'ono, inabwerera, ndipo anatenganso ina.

Tikubwerera anandiuza kuti madzulo ndikandanso ine, ndipo moto udzakhala wanga kuyambira ulendo woyamba mpaka wachitatu. Tinapatukira kumtsinje kukatapa mchenga wina woti uume padzuwa, popeza wakalewo unali utayamba kusakanikirana ndi phulusa.